Kulembera mlendo Chichewa choti atchule bwino

Chiganizo chachifupi chomasuliridwa m'Chichewa, monga moni, kuthokoza kapena kufunsa njira, chimalembedwa kuti munthu achiyankhule. Amene wachipempha amakhala namwino wochokera kunja amene wabwera kudzagwira ntchito m'chipatala cha kumudzi, mkamwini kapena mtengwa wa mtundu wina amene akukonzekera kukaonekera kwa apongozi, kapenanso mwana wobadwira ku Joni kapena ku Mangalande amene akufuna kulonjera agogo ake pa foni. Anthu onsewa akapatsidwa mawu olembedwa okha amawawerenga ndi malamulo a chinenero chimene anazolowera, ndipo chotuluka pakamwa pawo nthawi zina chimakhala chosamveka. N'chifukwa chake womasulira wosamala amawonjezera timizere tiwiri kapena titatu pambali pa chiganizocho, tosonyeza mmene mawuwo amadulidwira, malembo amene angapunthwitse, ndi pamene liwu limakwera.

Kalembedwe ka Chichewa n'kosavuta kwa mwini chinenero. Malamulo ake amene bungwe loona za Chichewa linatulutsa mu 1973 amatsata kwambiri mmene anthu amayankhulira, koma pali zinthu ziwiri zimene sasonyeza: kutalika kwa phatikizo ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. Mchewa safuna chizindikiro kuti adziwe ngati mawu akuti mtengo akunena za chomera kapena za ndalama zogulira chinthu, pakuti nkhani yonse imamuuza. Mlendo alibe mwayi umenewo. Iye amangoona malembo.

Mzere woyamba pansi pa chinenero cha wophunzira uyenera kukhala Chichewa cholembedwa monga chimalembedwera m'mabuku ndi m'nyuzipepala, popanda chizindikiro chilichonse chowonjezera. Umenewu ndi umene wophunzira adzauone pa zikwangwani ndi m'mauthenga a pa foni, ndipo ndi umene ayenera kukopera akafuna kulemba. Zothandizira zonse zimabwera pansi pake.

Chothandizira choyamba ndi kudula mawu m'maphatikizo, monga aphunzitsi a sitandade 1 amachitira. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amasochera. Munthu wozolowera Chingerezi akaona mawu akuti bwanji amawadula kuti bwan-ji, akaona nsomba amati nsom-ba. Kadulidwe koyenera ndi bwa-nji ndi nso-mba, chifukwa nj ndi mb zimayendera limodzi ngati chiyambi cha phatikizo. Kamzere kakang'ono koikidwa pamalo pake kamakonza vuto limeneli popanda kufotokoza zambiri. Vuto limakula malembo amenewa akakhala koyambirira kwa mawu, monga mbuzi kapena ndili. Mlendo amafuna kulowetsapo lembo la liwu, n'kunena kuti embuzi kapena nadili. Njira yabwino yomuthandizira ndi kumutchulitsa kaye mawu ngati samba, kenako achotse sa- n'kutsala ndi -mba. Pakamwa pakazolowera kuyamba motero, mbuzi savutanso.

Pali m wina amene amaima payekha ngati phatikizo lathunthu, ndipo kalozera ayenera kumulekanitsa. Mawu akuti mtengo ali ndi maphatikizo atatu, m-te-ngo, chifukwa m ameneyu ndi mu- wofupikitsidwa. Mbuzi ali ndi awiri okha, mbu-zi. Pa pepala mawu onsewa amayamba mofanana, ndipo palibe chimene chingamuuze mlendo kusiyana kwake kupatula kamzereko.

Malembo a liwu ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi kulikonse kumene lili. Kwa wophunzira wodziwa Chiswahili, Chishona, Chisipanishi kapena Chitaliyana n'kokwanira kunena kuti awatchule monga kwawo. Wa Chingerezi ndi amene amafuna chenjezo, pakuti m'chinenero chake lembo limodzi limatchulidwa m'njira zingapo, ndipo lembo la liwu limene silinatsindikidwe limafooka mpaka kutsala pang'ono kuzimirira. Iye ayenera kuuzidwa kuti o wotsiriza wa zikomo amveke bwinobwino ndipo asamukokere ku u. Olemba ena amathetsa nkhaniyi polembanso mawuwo m'kalembedwe ka Chingerezi, kuti Muli bwanji aoneke ngati moo-lee bwahn-jee. Njira imeneyi imathandiza tsiku loyamba lokha. Imadula mawu pamalo olakwika, imatalikitsa maphatikizo amene ndi aafupi, imawerengedwa mosiyana ndi munthu wa ku Amereka ndi wa ku Sikotilandi, ndipo wophunzira wa ku Jeremani kapena ku Japani sapindula nayo konse. Kuphunzitsa malembo asanuwo kamodzi, pamwamba pa pepala, kumaposa kulembanso chiganizo chilichonse.

Pa malembo opanda liwu, kalozera wabwino satchula onse. Amasankha okhawo amene ali m'chiganizocho ndipo angasinthe tanthauzo. Oyamba mwa amenewa ndi ph, th, kh ndi tch. Lembo la h pano limangosonyeza mpweya wotuluka mwamphamvu pambuyo pa p, t kapena k. Wowerenga Chingerezi amatchula ph ngati f, n'chifukwa chake anthu a mfunda wa Phiri okhala kunja amamva dzina lawo likuitanidwa kuti Firi. Th amamutchula ataika lilime pakati pa mano, zimene m'Chichewa mulibe. Chenjezo lake n'lalifupi: ph ndi p wa mpweya, si f. Koma pali mbali ina imene olemba ambiri amaiwala. Wolankhula Chingerezi amatulutsa kale mpweya pa p, t ndi k woyambirira mawu, choncho chomuvuta kwenikweni ndi p wopanda mpweya. Akafuna kunena kuti pala amamveka ngati akuti phala, akafuna kola amamveka khola. Wophunzira angadziyese yekha poika kapepala kopyapyala kutsogolo kwa milomo: pa phala kagwedezeke, pa pala kakhale chete.

Lotsatira ndi ng' wa kachizindikiro, amene ndi wosiyana ndi ng wopanda kachizindikiro. Mu ng'oma mulibe g womveka, mpweya umangodutsa m'mphuno. Mu ngoma, nyama ya m'tchire ija, g amamveka. Kachizindikiroka kamatayika kawirikawiri polemba pa foni, ndipo womasulira ayenera kuonetsetsa kuti kalipo. L ndi r safuna nkhawa yambiri. Kalembedwe kamaika r pambuyo pa i ndi e, koma m'kamwa mwa anthu ambiri malembo awiriwa ndi liwu limodzi, ndipo mlendo wotchula l paliponse amamveka ndithu. Ngati wophunzirayo akupita ku Chipata kapena ku Lusaka, n'kofunika kumuuza kuti kalembedwe ka ku Zambia kamalemba c pamene Amalawi amalemba ch, ndi ch pamene Amalawi amalemba tch.

Nkhani yovuta, imenenso ambiri amaithawa, ndi ya kukwera kwa liwu. M'Chichewa phatikizo lililonse limatchulidwa ndi liwu lokwera kapena lotsika. Akatswiri a zinenero amasonyeza lokwera ndi kamzere kopendekera pamwamba pa lembo la liwu, á é í ó ú, ndipo lotsika amalisiya lopanda chizindikiro. Motero mténgo ndi chomera, mtengo ndi wa malonda. Khúngu ndi kusaona, khungú ndi chikopa cha thupi. Ndi wotsika amauza chimene chinthu chili, monga mu uyu ndi mwana, pamene ndí wokwera amalumikiza zinthu kapena anthu. Kuika zizindikiro zoterezi si chinthu chachilendo. Mark Hanna Watkins anasonyeza kukwera kwa liwu m'buku lake la malamulo a Chichewa la mu 1937, limene analemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda pamene Banda anali pasukulu ku Chicago. Buku lophunzitsira alendo Chinyanja la Earl Stevick, la mu 1965, lili ndi zizindikiro zimenezi m'ziganizo zake. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wokonzedwa ndi likulu la kafukufuku wa zinenero la Yunivesite ya Malawi ku Zomba, umasonyezanso kukwera kwa liwu pa mawu amene ukuwatanthauzira, ndipo womasulira wokayika angayang'ane mmenemo.

Mayina osiyana ndi liwu lokha ngati mténgo ndi mtengo si ambiri, ndipo mlendo akawasokoneza anthu amamvabe. Pamene kukwera kwa liwu kumagwira ntchito yaikulu ndi mwa aneni, chifukwa kumasonyeza nthawi. Tiyerekeze kuti namwino wobwera uja wapempha chiganizo chodzidziwitsira kwa amfumu ndi anthu a m'mudzi, chonena kuti ntchito yake ya masiku onse ndi kuthandiza kuchipatala. Womasulira alemba kuti Ndimathandiza kuchipatala. Malembo amenewa ali ndi matanthauzo awiri. Liwu likakwera pa ndí- ndi pa -ndí- wachiwiri kwa wotsiriza, ndímathandíza, munthu akunena zimene amachita nthawi zonse. Likakwera pa -thá- pokha, ndimathándiza, akunena zimene ankachita posachedwapa, ndipo womva angaganize kuti ntchitoyo yatha kapena kuti namwinoyo akulongosola kumene anali. Kusiyana kofananako kulipo pakati pa ndináthandiza, zimene zinachitika kale, ndi ndinathándiza, zimene zachitika posachedwa. Kalozera wa chiganizo cha namwinoyo angaoneke chonchi:

Ndimathandiza kuchipatala.
ndí-ma-tha-ndí-za ku-chi-pa-taa-la
Kwezani liwu pa ndí- onse awiri. Kuchipatala yense ndi wotsika. Th ndi t wa mpweya. Mukakweza pa -tha- pokha mwanena za nthawi yapita.

Timizere titatu timeneti takwana. Sitinatchule dzina la nthawi ya mneni, sitinafotokoze lamulo, koma tapereka chimene namwinoyo akufuna pa tsikulo ndipo tamuchenjeza za dzenje limodzi limene lili panjira yake.

Mu mzere wachiwiriwo muli a awiri pa -taa-, ndipo chifukwa chake ndi chinthu china chimene kalembedwe sikasonyeza. Phatikizo lachiwiri kwa lotsiriza m'chiganizo, kapena m'kagawo ka chiganizo pamene munthu amapumira, limakokedwa pang'ono. Kukokaku n'kosiyana ndi kukwera kwa liwu, ndipo kusokoneza ziwirizi ndi cholakwa chofala kwambiri m'timabuku ta alendo. Mawu akuti zikomo amaonetsa bwino nkhaniyi. Liwu limakwera pa zí-, koma phatikizo lokokedwa ndi -ko-, limene ndi lotsika: zí-koo-mo. Chímanga ndi chimodzimodzi. Wolemba akagwiritsa ntchito malembo aakulu n'kulemba ziKOmo, wa Chingerezi amachita zonse pamodzi pa -ko-, kukweza liwu, kukoka ndi kutsindika, monga chinenero chake chimachitira, ndipo zi- amamutsitsa. Anthu amamva, koma amamvanso nthawi yomweyo kuti wolankhulayo ndi mlendo. Dzina la Lilongwe limavutika mofananamo: maphatikizo ake onse ndi otsika, koma alendo amakweza -lo- wapakati. Mu Maláwi zinthu ziwirizi zinakumana pa phatikizo limodzi, n'chifukwa chake dzinali silivuta. Choncho ndi bwino kukhala ndi zizindikiro ziwiri zosiyana, kamzere ka pamwamba ka liwu lokwera ndi lembo lobwerezedwa la kukoka, ndipo malembo aakulu asiyidwe.

Kukokaku kumasuntha chiganizo chikatalika. Zikomo ali yekha ndi zí-koo-mo, koma mu Zikomo kwambiri kukoka kumapita pa mawu omaliza, zí-ko-mo kwá-mbíi-ri. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene kalozera ayenera kulembedwera chiganizo chonse, osati kutola mawu amodziamodzi mu mtanthauziramawu n'kuwalumikiza. Chifukwa china n'chakuti liwu lokwera nalo limasintha mawu akakhala pakati pa anzake. Kwa olankhula ambiri limafalikira ku phatikizo lotsatira, kotero kuti namwino uja angamve anthu akuti ndímathandízá kuchipatala, -za nayenso atakwera. Mmene kufalikiraku kumachitikira kumasiyana ndithu pakati pa zigawo, ndipo wa ku Kasungu ndi wa ku Mulanje sangagwirizane pa phatikizo lililonse. Kwa wongoyamba kumene n'kokwanira kusonyeza pamene liwu limayambira kukwera. Kufalikirako adzakutola ndi khutu.

Liwu lokwera la kumapeto kwa mawu, monga mu nyumbá, mwaná ndi Chichewá, limafunanso kachenjezo. Mawu otere akakhala kumapeto kwa chiganizo, phatikizo lomaliza silidumphira m'mwamba ngati munthu akufunsa funso. Ena amakweza pang'ono phatikizo lachiwiri kwa lotsiriza, ena amatchula awiri omalizawo mofanana osatsika. Mlendo woona kamzere pa -mbá amafuna kukuwa pamenepo, ndiye kalozera anene kuti liwu lisagwe kumapeto, basi. N'kothandizanso kumuuza kuti m'chiganizo chonena chinthu liwu limanka litsika pang'onopang'ono, moti phatikizo lokwera la kumapeto limakhala lotsikirapo poyerekeza ndi lokwera la koyambirira. Kukwera kumayezedwa ndi maphatikizo oyandikana nawo.

Funso lenileni kwa womasulira ndi lakuti adziwa bwanji poika kamzereko, pakuti mwini chinenero amatchula molondola osadziwa chimene akuchita, ndipo sukulu siphunzitsa zimenezi. Njira yodalirika ndi kuchotsa malembo n'kutsala ndi nyimbo yake. Munthu atchule chiganizocho monga angachinenere kwa mnzake, kenako achibwereze atatseka pakamwa, akungong'ung'udza, kapena achiimbe mluzu. Pamene malembo achoka, kukwera ndi kutsika kumamveka poyera. Kenako ayerekeze ndi mawu ochepa amene akuwadziwa kale: nyama, wotsika yense, nsómba, wokwera poyamba, nyumbá, wokwera pomaliza, chímanga, wokwera pa loyamba mwa atatu. Dzina latsopano limafanana ndi limodzi mwa amenewa nthawi zambiri. Woyamba kumene amakonda kuika kamzere pa phatikizo lokokedwa lija, chifukwa ndi limene limamveka kwambiri. Akapeza kuti timizere take tonse tagwera pa phatikizo lachiwiri kwa lotsiriza, adziwe kuti walemba kukoka, osati kukwera, ndipo ayambirenso. Pamene akukayikabe atafunsa munthu wina wa kwawo, kuli bwino kusiya mawuwo opanda chizindikiro n'kunena kuti amvere pa mawu ojambulidwa, chifukwa wophunzira amakhulupirira chimene chalembedwa ndipo chizindikiro cholakwika amachiloweza pamodzi ndi mawuwo.

Moni wamba ndi wosavuta kumulembera kalozera, ndipo ndi amene amapemphedwa kwambiri:

Muli bwanji?
mu-li bwáa-nji
Liwu likwere pa bwá- n'kutsika pa -nji. Musakweze kumapeto ngakhale ndi funso.

Ndili bwino.
ndi-li bwii-no
Onse otsika. Yambani ndi nd- popanda lembo la liwu patsogolo.

Chenjezo la pa funsolo lilipo chifukwa alendo ambiri amakweza liwu kumapeto kwa funso lililonse, pamene mawu akuti bwanji afunsa kale. Pambali pa moniyu n'koyenera kuwonjezera kamzere kamodzi kosakhudza katchulidwe, konena kuti muli ndi wa ulemu ndipo ndi amene anenedwe kwa munthu wamkulu aliyense, pamene uli ndi wa mwana kapena mnzako wa pamtima. Mkamwini amene watchula bwino kwambiri koma wanena uli kwa apongozi walakwa kuposa amene waphonya liwu.

Malembo a timizere sakusowa pa zipangizo za masiku ano. Pa foni zambiri, kukanikiza lembo la liwu kwa kanthawi kumatulutsa á, é, í, ó kapena ú. Foni yomweyo ingajambule mawu, ndipo kalozera wolembedwa amagwira bwino ntchito akaperekezedwa ndi mawu ojambulidwa. Wojambula atchule chiganizocho kawiri, koyamba mwa liwiro la masiku onse, kachiwiri mochedwerako koma osadula maphatikizo. Munthu akamatchula phatikizo lililonse palokha, ngati akuwerengetsa ana, amakoka onse mofanana ndipo nyimbo ya chiganizo imawonongeka, kotero kuti wophunzira amatengera chinthu chimene palibe Mchewa amanena.

Kalozera ali ndi malire ake. Sangaphunzitse b ndi d a Chichewa, monga a mu bambo ndi dala, amene amatchulidwa ngati mpweya ukukokeredwa m'kati. Kufotokoza zimenezi pa kapepala kumasokoneza koposa kuthandiza, ndipo mlendo wotchula b wa kwawo amamvekabe. Zoterezi zisiyidwire khutu ndi nthawi. Muyezo wabwino ndi wakuti chiganizo chimodzi chisapitirire machenjezo awiri kapena atatu, ndipo loyamba likhale limene lingasinthe tanthauzo.

Kalozera akalembedwa ayenera kuyesedwa asanaperekedwe. Apatsidwe munthu wosadziwa Chichewa amene sanamve chiganizocho, awerenge mokweza, ndipo womvetsera akhale Mchewa amene sanaone pepalalo. Womvetserayo anene chimene wamva, ndipo pa chiganizo ngati cha namwino uja afunsidwe ngati mlendoyo akuthandizabe kuchipatala kapena anasiya. Akayankha kuti akuthandizabe, kalozerayo ndi wolondola. Akayankha zina, chokonzedwa ndi pepala, osati wowerengayo.